Kalata yopempha kupuma masewero fupa la paphewa likathyoka

"Adokotala, ndine mtsikana wa zaka 16, ndili Fomu 3 pasukulu yogonera komweko. Pa 3 Febuluwale ndinagwera phewa lakumanja tikusewera mpira wamanja, ndipo kuchipatala atandijambula anati fupa lopingasa lija lochokera m'munsi mwa khosi kufika paphewa lathyoka pakati. Sanandiike chikhakha, anangondikoleka mkono pansalu n'kundiuza kuti ndidzabwerenso pa 17 Malichi. Lero patha masiku 10. Aphunzitsi a masewero olimbitsa thupi ndinawauza pakamwa koma anati ndilembe kalata, ndipo anzanga ena akuti ndikungonamizira poti palibe chikhakha. Kodi ndilembe chiyani, ndipo ndipemphe kupuma mpaka liti?"

Pepa ndi ngoziyo mwanawe, ndipo mtima ukhale m'malo. Pa zaka zomwe ndakhala ndikugwira ntchito ya mafupa m'zipatala za maboma, fupa limeneli, lomwe ife timalitcha kilaviko, ndi limodzi mwa mafupa omwe ndawaona atathyoka kawirikawiri mwa ana ndi achinyamata, ndipo pa msinkhu wakowu pafupifupi onse amachira bwinobwino popanda opaleshoni. Aphunzitsi akowo usawaone ngati akukukayikira. Mphunzitsi amayankha kwa mphunzitsi wamkulu komanso kwa makolo pa mwana aliyense amene ali m'manja mwake pabwalo, choncho mawu apakamwa samuteteza iye, ndiponso sakuteteza iwe tsiku lomwe kwabwera mphunzitsi wina wogwirizira amene sanamve nkhani yako.

Usanagwire cholembera uyenera kumvetsa zomwe zikuchitika paphewa pakopo, chifukwa kalata yabwino imachokera pamenepo. Chikhakha chimagwira ntchito pamwendo kapena pamkono, pomwe tingathe kuzinga fupa mozungulira ndi kutsekereza mfundo ya pamwamba ndi ya pansi kuti zisasunthe. Fupa lakolo lagona pamwamba pa chifuwa, ndipo limayenda pang'ono nthawi iliyonse ukapuma mpweya kapena kutembenuza thupi, kotero kuti palibe njira yolizingira ndi chikhakha. Chomwe timachita ndi kulichotsera katundu. Mkono wa munthu ndi wolemera, ndipo fupa limeneli ndi lomwe limagwira phewa kuti lisagwere kutsogolo ndi pansi, monga momwe mtanda umagwirira denga. Nsalu yokolekera mkonoyo imasenza kulemera kwa mkono kuti mbali ziwiri zothyokazo zikhale phee moyandikana. Kusowa kwa chikhakha sikusonyeza kuti kuthyokako n'kochepa, koma popeza anthu ambiri anazolowera kuti wothyoka fupa amaoneka ndi chikhakha, chiganizo chimodzi chofotokoza zimenezi chiyenera kulowa m'kalata yako.

Fupa limalumikizana pang'onopang'ono, ndipo ululu umatha ntchitoyo isanathe. M'masiku oyambirira magazi amaundana pamalo pothyokapo, pamatupa, ndipo ululu umakhala waukulu moti palibe amene angakukakamize kuthamanga. Kuyambira sabata yachiwiri mpaka yachinayi thupi limamanga fupa lanthete lozungulira pothyokapo, lofewa ngati kafupa kopindika ka khutu, ndipo fupa lantheteli likangogwira mbali ziwirizo kuti zileke kukhulana, ululu umachepa kwambiri. Nthawi imeneyo udzayamba kuvala wekha, kulemba popanda vuto, mwina ndi kuiwala kukoleka mkono. Koma fupa lantheteli limafika pouma kukhala fupa lenileni pakati pa masabata 6 ndi 8 kwa wachinyamata wa msinkhu wako, ndipo mphamvu zoti n'kupirira kugwa kapena kugundana ndi mnzako pabwalo zimabwera mochedwerapo, kawirikawiri pakati pa miyezi iwiri ndi itatu, nthawi zina kupitirira. Mwana wa ku pulayimale wa zaka 7 amachira msanga kuposa pamenepo, ndipo munthu wamkulu amachedwerapo, n'chifukwa chake usadziyerekeze ndi mng'ono wako kapena malume ako amene anathyokapo fupa lomweli.

Nthawi yoopsa tsono si ino ukumva kupwetekayi, koma sabata yachitatu ndi yachinayi. Ndikukumbukira mnyamata wina wa Fomu 2 amene anathyoka fupa lomweli atagwa panjinga. Kalata yomwe analembera aphunzitsi ake inati akupempha kupuma masewero "mpaka nditachira", ndipo aphunzitsiwo anavomera ndi mtima wonse. Patatha masabata anayi anamuona akuthamanga kupita kukalandira chakudya, mkono uli wosakoleka, ndipo anamufunsa ngati wachira. Mnyamatayo, poti sankamvanso ululu komanso timu yake inkasowa goloboyi, anayankha kuti inde. Tsiku lomwelo anadumphira mpira n'kugwera phewa lomwe lija, ndipo anabwera kwa ife fupa litathyokanso pamalo omwewo, tsopano mbali zake zitasiyana kwambiri kuposa poyamba. Palibe amene ananama pankhaniyi, aphunzitsi anafunsa ndipo mwana anayankha zomwe ankamva m'thupi. Cholakwika chinali m'kalata muja, chifukwa mawu akuti "mpaka nditachira" anasiya chigamulo m'manja mwa anthu awiri amene sakanatha kuona mkati mwa phewa.

Choncho kalata yako ikhale ndi masiku otchulidwa, ndipo pempho lako ligawike pawiri. Gawo loyamba lichokere tsiku lolemba kalatayo kufika pa 17 Malichi, lomwe ndi tsiku lokwanitsa masabata 6 chigwereni, ndipo pa nthawi imeneyi upemphe kupuma masewero onse: kuthamanga, kudumpha, kuponya ndi kuwakha mpira, ndi chilichonse chofuna kutsamira pa manja. Ena amadabwa kuti kuthamanga kukukhudzana bwanji ndi phewa poti amathamanga ndi miyendo. Phazi lililonse likamenya pansi phewa limagwedezeka, ndipo wothamanga mkono umodzi uli wokoleka sakhazikika bwino, akapunthwa alibenso dzanja lodzitchinjirizira. Gawo lachiwiri liyambire pa 17 Malichi, ndipo likhale la masewero ogundana ndi ogwetsana okha, monga mpira wamanja ndi wamiyendo. Ukawerenga masabata 12 kuchokera pa 3 Febuluwale ufika pa 28 Epulo, ndipo tsiku limeneli ulitchule ngati loyembekezera chabe, n'kuwonjezera kuti mawu omaliza adzachokera kuchipatala. Ndikudziwa kuti kwa wosewera mpira wamanja nkhani imeneyi ndi yowawa, chifukwa ikutanthauza kuti mpira wa temu ino wakudutsa, koma ndi bwino aphunzitsi adziwiretu lero n'kupeza wina woima pamalo pako, kusiyana n'kuti azikuyembekezera sabata ndi sabata n'kumakufunsa ngati wachira.

Pali chinthu china chomwe ana a sukulu amaiwala pafupifupi nthawi zonse, ndipo kwa ine n'chachikulu kuposa phunziro la masewerolo. Phunziro limenelo limatenga mphindi zochepa pa sabata, pomwe ntchito za pasukulu yogonera komweko ndi za tsiku ndi tsiku. Kukolopa m'kalasi ndi kumalo ogona, kutchetcha udzu ndi chikwakwa, kulima m'munda wa sukulu, kunyamula madesiki, kupopa madzi pamjigo ndi kutukula ndowa kuika pamutu, zonsezi zimakoka fupa lomwe lathyokalo. Ndowa ya malita 20 ikadzaza imalemera makilogalamu 20, ndipo poitukula manja onse awiri amakwera pamwamba pa phewa, chomwe ndi chinthu choyamba chimene timaletsa m'masabata oyambirira. Chikwama cha mabuku nachonso lamba wake amadutsa pamalo penipeni pothyokapo, choncho uzichinyamula ndi dzanja lamanzere kapena upemphe mnzako. Ngati bedi lako ndi lam'mwamba, upemphe kusinthana ndi wapansi lero lomwe, chifukwa kukwera ndi kutsika usiku ndi dzanja limodzi ndi njira yachidule yobwerera kwa ife. Aphunzitsi a masewero sayang'anira zonsezi, n'chifukwa chake kalatayo idzere kwa mphunzitsi wa kalasi yako, ndipo amayi oyang'anira malo ogona alandirenso yawo, kuti pulifekiti wogawa ntchito kapena chilango asadzakupatse chikwakwa mosadziwa.

Kalata ya mwana wa sukulu payokha ndi yopepuka, imalemera ikatsagana ndi umboni wa kuchipatala. Zomwe adokotala anapeza analemba m'buku lako la kuchipatala, koma sindikulangiza kuti upereke buku lonselo kusukulu, chifukwa muli mbiri ya matenda ako ena omwe aphunzitsi sakuyenera kuwawerenga, komanso likatayika udzavutika pa 17 Malichi. Chita fotokope tsamba lokhalo la tsiku lomwe unavulala, kapena, chomwe chili chabwino koposa, upemphe amene anakuona kuti akulembere kakalata kapadera kokhala ndi chidindo, konena fupa lomwe lathyoka, tsiku lobwereranso, ndi ntchito zomwe usagwire. Ife timalemba timakalata totere nthawi zonse ndipo sititenga mphindi zisanu, koma odwala ambiri sapempha, ndipo pamzere pakakhala anthu ambiri ifenso sitikumbukira kufunsa ngati wodwalayo ali pasukulu.

Kalembedwe kake ndi ka kalata yantchito komwe munaphunzira m'kalasi: keyala yako ndi tsiku, keyala ya wolandira yokhala ndi mzere wosonyeza kuti yadzera kwa mphunzitsi wa kalasi, malonje, mutu, thunthu ndi mathero. Masukulu ambiri a sekondale amafuna makalata otere m'Chingerezi, ndipo ngati kwanuko zili choncho mfundo zake n'zomwezi, ungozisintha chiyankhulo. Pansi pa makeyala ungalembe motere:

Aphunzitsi,

PEMPHO LOPUMA MASEWERO OLIMBITSA THUPI CHIFUKWA CHA KUTHYOKA KWA FUPA LA PAPHEWA

Ndalemba kalatayi kupempha kuti mundilole kupuma masewero olimbitsa thupi pamene fupa langa la paphewa lakumanja likupola. Ndinavulala pa 3 Febuluwale posewera mpira wamanja, ndipo kuchipatala atandijambula anapeza kuti fupalo lathyoka. Fupa limeneli saliika chikhakha, ndiye anandikoleka mkono pansalu. Umboni wa kuchipatala ndaphatikiza ku kalatayi.

Ndikupempha kupuma masewero onse, kuphatikizapo kuthamanga, kufikira pa 17 Malichi pomwe ndidzapite kukaonedwanso. Pambuyo pa tsikulo ndikupempha kupitiriza kupuma mpira ndi masewero ena ogundana kufikira achipatala atandiloleza, zomwe zikuyembekezeka kukhala cha pa 28 Epulo. Pa nthawi yomweyi sindingathe kunyamula zolemera, kukolopa, kutchetcha kapena kutunga madzi, ndipo ndikupempha kuti oyang'anira ntchito za pasukulu adziwitsidwe.

Sindikupempha kujomba phunziro lanu. Ndizibwera kubwalo nthawi zonse, ndipo ndine wokonzeka kulemba zigoli, kusunga nthawi kapena kugwira ntchito ina yolemba yomwe mungandipatse. Ndikadzabwera kuchokera kuchipatala pa 17 Malichi ndidzakubweretserani zomwe adokotala adzanene.

Ndidzathokoza pempho langa likaganiziridwa.

Ine wophunzira wanu,

Pansi pake usayine, ulembe dzina lako lonse ndi kalasi yako. Waona kuti kalatayi sikufotokoza amene anakukankha, mmene unalirira, kapena zomwe anzako akunena za iwe. Makalata ambiri omwe ana amandionetsa amataya tsamba lonse pa nkhani ya mmene ngozi inachitikira, kenaka pempho lenileni n'kubwera m'chiganizo chimodzi chakumapeto chopanda tsiku. Mphunzitsi amene ali ndi makalasi angapo akufuna kudziwa zinthu zochepa: chavuta n'chiyani, usachite chiyani, mpaka liti, ndipo wanena ndani. Ndime yachitatu ija ndi imene imafewetsa mitima, chifukwa chomwe mphunzitsi wa masewero amaopa ndi mwana wofuna kukagona kumalo ogona anzake ali padzuwa, ndipo wina akaloledwa mawa pamabwera asanu odandaula mutu. Ukasonyeza kuti uzikhala pabwalo pomwepo nkhawa imeneyo imatha. Chenjezo langa ndi lakuti usadzipereke kukhala woyimbira mpira, ngakhale kuti imaoneka ngati ntchito yopepuka, chifukwa woyimbira amathamanga m'mbali mwa osewera ndipo mpira kapena munthu akhoza kumugunda. Ngakhale polemba zigoli ukhale patali ndi mzere wa bwalo, mbali yovulalayo itayang'ana kutali ndi osewera.

Popeza lavulala ndi dzanja lolembera, ukhoza kulemba utakhala pansi, chigongono chitatsamira padesiki ndipo pepala lili pafupi ndi thupi, kuti ziziyenda ndi zala ndi mkono wam'munsi wokha. Zikakupweteka, mnzako akulembere iwe n'kungosayina, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Ulembe makalata awiri kapena atatu ofanana n'kusunga imodzi, ndipo upereke wekha m'manja mwa aphunzitsi nthawi ya phunziro isanakwane, osati pabwalo pamaso pa kalasi yonse pomwe munthu amayankha mofulumira. Makolo ako ali kutali, koma uwapemphe aimbire foni mphunzitsi wa kalasi kapena mphunzitsi wamkulu kutsimikizira nkhaniyi, chifukwa pa zaka 16 sukulu imakuonabe ngati mwana wa m'manja mwa makolo, ndipo mawu awo amatseka mipata yomwe kalata yako yasiya.

Zikachitika kuti kalata yaperekedwa koma wina akukuuzabe kuti uthamange kapena ugwire ntchito yolemera, usakangane naye ndipo usamvere pongoopa chilango. Unene mwaulemu kuti achipatala anakuletsa ndipo kalata ili kwa mphunzitsi wa kalasi, kenaka upite kwa mphunzitsiyo kapena kwa wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu tsiku lomwelo. Nkhani zotere zikafika kwa ine, ndimalemba kakalata kachiwiri kolunjika kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo sindikumbukira kuti kanakanidwapo.

Kupuma masewero sikutanthauza kuti mkonowo uume pansalu osasuntha. Kangapo pa tsiku uziutulutsa, n'kuwongola ndi kupinda chigongono, kuzunguza dzanja ndi kufumbata zala, chifukwa chigongono chimauma msanga chikakhala chopinda masabata angapo. Ululu ukachepa, achipatala amaphunzitsa kuwerama pang'ono n'kulola mkono kulendewera ndi kuyenda timizere tating'ono tozungulira, koma usaukweze kupitirira phewa asanakuuze. Kuyenda pansi n'kwabwino ndipo kumathandiza thupi kuti lisafooke, pomwe kupalasa njinga kapena kukwera kabaza n'kofanana ndi kubwerera pabwalo la mpira. Usiku ambiri amagona bwino chagada, msana utatsamira pa mapilo kapena mabulangete opinda. Mankhwala ochepetsa ululu monga panado uzimwa momwe anakulembera, osati kumwa kuti uthe kuchita zomwe unaletsedwa. Pakatha masabata awiri kapena atatu udzamva kachotupa kolimba pamalo pothyokapo, ndipo atsikana ambiri amabwera ali ndi mantha kuti fupa lalumikizana molakwika. Kachotupako ndi fupa latsopano lija, kamachepa pakapita miyezi, ngakhale kuti kwa ena kamatsalako pang'ono moyo wonse popanda kusokoneza ntchito ya mkono. Usalole wina kukatikita kapena kukakanikiza kuti kaphwe.

Pali zizindikiro zomwe siziyenera kudikira 17 Malichi. Pansi pa fupa limeneli pamadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi ndi minyewa yopita kumkono, ndipo pansi pakenso pali nsonga ya phapo. Dzanja likachita dzanzi losatha, likafooka moti zala zikukanika kugwira, likazizira kapena kusintha mtundu poyerekeza ndi linzake, upite kuchipatala tsiku lomwelo. Uchitenso chimodzimodzi ukayamba kubanika kapena kumva kubaya m'chifuwa popuma, ukaona nsonga ya fupa ikutukula khungu ngati ikufuna kuboola, khungu la pamenepo likayera kapena kuchita bala, komanso ukagwanso kapena kugundidwa n'kumva ululu wobwerera mwadzidzidzi. Ululu womwe ukukula m'malo mochepa pakatha masabata atatu, kapena kumva mafupa akukhulanabe pofika sabata yachisanu ndi chimodzi, ndi chifukwa chokwanira choti akujambulenso. Ochepa amene mbali za fupa lawo zasiyana kwambiri kapena zakana kulumikizana amafunika opaleshoni yoika kachitsulo, ndipo oterowo timawatumiza kwa madokotala a mafupa ku zipatala zazikulu. Zikatero masiku a m'kalata ija amasintha, ndipo umalemba ina.

Pa 17 Malichi usangolandira mawu akuti "zili bwino" n'kutuluka. Amene adzakuone adzakanikiza pamalo pothyokapo kuti aone ngati pakupwetekabe, adzakuuza kukweza mkono ndi kuuzunguza poyerekeza ndi wamanzere, adzayesa mphamvu zake, ndipo mwina adzakujambulanso. Iwe uwafunse mafunso atatu mosiyanitsa, loyamba la kuthamanga, lachiwiri la kunyamula ndowa ndi ntchito zina za pasukulu, lachitatu la mpira wamanja, chifukwa mayankho ake sakhala tsiku limodzi. Kawirikawiri kuthamanga pang'onopang'ono kumaloledwa poyamba, kunyamula kumabwera mowonjezera pang'onopang'ono, ndipo mpira umakhala womaliza, pamene pothyokapo sipakupwetekanso ukakanikiza ndipo mkono ukuyenda ndi kulimba mofanana ndi unzake. Uwapemphe alembe masiku atatuwo papepala la chidindo, ndipo pepalalo ukalipereke kwa aphunzitsi a masewero pamodzi ndi kakalata ka mizere itatu kowakumbutsa za kalata yoyamba ija.